Sabata yolimbana ndi "Werengani zambiri"

Ntchito yanga ndi yokonza mawebusaiti a makampani kuti anthu aziwapeza akamafufuza pa Google. Sabata yathayi inathera pa webusaiti imodzi yokha, ya kampani ina yogulitsa zipangizo za magetsi a dzuwa, imene imalembanso nkhani zolangiza ogula. Dandaulo lawo linafika Lolemba m'mawa. Ali ndi tsamba lophunzitsa munthu kuwerengera kukula kwa batire lofunika pa sola yake, koma likatuluka pa Google mutu wake umangoti "Mabatire". Eni ake sanalembe mutu wotero, ndiye amafuna kudziwa amene anawasinthira.

Palibe anawasinthira. Mutu umene timauona pa zotsatira za Google, Googleyo imachita kusankha. Kawirikawiri imatenga zimene mwini tsamba analemba mu `<title>`, ndipo mu 2021, itasintha kasankhidwe kake, inanena yokha kuti imatero pa zotsatira pafupifupi 87 pa 100 zilizonse. Ikaona kuti mutuwo sukuthandiza wofufuza, imakayang'ana kwina: mutu waukulu wa pa tsambapo wa `<h1>`, mawu ena oonekera kwambiri, komanso mawu a pa malinki opita ku tsambalo. Nditatsegula tsamba lija ndinapeza `<title>` yodzaza ndi mawu obwerezabwereza, batire la sola, mabatire a sola, batire labwino, gulani batire, mpaka kutha mpweya. Mu `<h1>` munali mawu amodzi okha akuti "Malangizo". Nanga "Mabatire" anachokera kuti? Ndi mawu a pa menyu, amene ali pamwamba pa tsamba lililonse la webusaitiyo ndipo amaloza ku tsamba lomweli. Google siuza munthu chifukwa chimene yasankhira mutu wakutiwakuti, koma apa phazi linkaoneka bwino kumene linaponda.

Tsiku lomwelo tinagwirizana mutu watsopano, wakuti "Kuwerengera kukula kwa batire la sola", ndipo `<h1>` tinaifananitsa nawo. Zimenezi sizinatenge nthawi. Ntchito yeniyeni inali m'malinki.

Lachiwiri ndinayendetsa Screaming Frog pa webusaiti yonse. Pulogalamuyi imatsata linki iliyonse kuchokera tsamba ndi tsamba, ndipo yaulere imalekeza pa maadiresi 500, omwe anatikwanira. Ukasankha tsamba n'kutsegula `Inlinks`, umaona tsamba lililonse limene likuloza kumeneko, mawu a pa linkiyo pansi pa `Anchor Text`, ndiponso ngati linkiyo ili pa menyu, m'kati mwa nkhani kapena m'munsi mwa tsamba. Ena amathamangira ku Google Search Console, chida cha Google choonetsa mwini webusaiti mmene masamba ake akutulukira pa zotsatira, pofuna zimenezi, koma kumeneko umangoona masamba amene akuloza kwanu ndi kuchuluka kwa malinki a m'kati. Mndandanda wa `Top linking text` umene uli kumeneko ndi wa malinki ochokera ku mawebusaiti ena.

Nditachotsapo a pa menyu, panatsala malinki 38 opita ku tsamba la kukula kwa batire. Mwa amenewa, 22 anali "Werengani zambiri", 9 anali "dinani apa" kapena "apa" chabe, 4 anali zithunzi zopanda mawu alionse mu `alt`, malo olembamo mawu ofotokoza chithunzi, ndipo atatu okha ndi amene ankanena zimene zili pa tsambalo. Ndiye taganizani. Mutu ndi zimene tsamba limadzinenera lokha, pomwe mawu a pa malinki ndi zimene masamba anzake amalinenera. Zili ngati munthu amene akudzitchula kuti ndi mmisiri, koma mboni zake 35 mwa 38 zikafunsidwa zikungoloza chala osayankhula. Kupatula atatu aja, wotsala ndi mawu omveka ndi menyu yekha, ndipo iyeyo akuti "Mabatire".

Mndandanda womwewo unaulula vuto lina limene eni ake sankalidziwa. M'nkhani zingapo mawu akuti "kukula kwa batire" analipo ndithu ngati linki, koma ankapita ku tsamba logulitsira mabatire. Munthu wowerenga za mainiveta amadina mawuwo akuyembekezera kuphunzira masamu ake, n'kukapeza mndandanda wa katundu. Kwa Google nakonso, webusaiti yomweyo inkati nkhani ya kukula kwa batire ili ku tsamba logulitsira, pomwe mutu wonena zimenezo uli ku tsamba lina. Vuto la mtundu umenewu limadziwika mu Search Console: ukasefa `Performance` ndi mawu amodzi ofufuzira n'kuyang'ana `Pages`, umapeza masamba awiri akugawana mawuwo, lero kutuluka ili, mawa linalo. Ndi zimene ndinapeza.

Lachitatu ndinakhala ndi mayi amene amalemba nkhani za kampaniyo, ndipo tinatsegula nkhani imodziimodzi. Chiganizo choyamba chimene tinakonza chinali m'nkhani ya mainiveta:

```html
Kuti mudziwe batire loyenera, <a href="/kukula-kwa-batire">dinani apa</a>.
```

Tinachisintha kukhala chonchi:

```html
Musanagule iniveta, yambani <a href="/kukula-kwa-batire">mwawerengera kukula kwa batire</a> limene izigwira nalo ntchito.
```

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi wosavuta. Ndimaphimba chiganizo chonse n'kusiya mawu a pa linki okha, kenako ndimawaika pambali pa mutu wa tsamba limene akupitako. Ngati munthu amene wawerenga mawu a pa linkiwo sangadabwe akafika n'kuona mutuwo, linkiyo ili bwino. "Dinani apa" sakulonjeza kanthu. "Mwawerengera kukula kwa batire" akulonjeza zimene mutu uja ukukwaniritsa.

Mayiwo anafunsa funso limene pafupifupi mlembi aliyense amandifunsa. "Nanga achimwene, bwanji osangokopera mutu wonsewo n'kumauika paliponse? Si ndiye kuti zigwirizana bwino?"

Ndinawayankha kuti pa mndandanda wa nkhani zofanana, kapena pa timabokosi ta patsamba loyamba, mutu wonse ndi woyenera, chifukwa pamenepo munthu akusankha pakati pa mitu. Koma m'kati mwa ndime, mutu wathunthu umathyola chiganizo, ndipo wowerenga amamva kuti mawuwo achita kukhomeredwa. Google nayo m'malangizo ake imapempha mawu achidule, ofotokoza, olembedwa mwachibadwa, ndipo imachenjeza za kuunjika mawu ofufuzira pa linki. Chimene timasunga ndi mtima wa mutuwo, kuwerengera ndi kukula kwa batire, ndipo mawu ena onse amatsatira chiganizo chimene linkiyo ilimo. M'nkhani ya mafiriji tinalemba kuti "batire lalikulu bwanji lingakwanire firiji usiku wonse". M'nkhani ya mapanelo tinati "kawerengedwe ka kukula kwa batire". Kusiyanasiyana kotereku kuli ndi phindu lakenso, chifukwa mutu ndi mzere umodzi ndipo sungatchule firiji, mababu ndi pampu, koma malinki amatha kusonyeza kuti tsambalo likuyankhanso mafunso amenewo.

Malire ake ndi akuti zimene linki yalonjeza zipezekedi pa tsambalo. Tisanaike linki ya firiji ija ndinakatsimikiza kuti chitsanzocho chilipo. Chinalipo: firiji yodya mawati 100 kwa maola 10 ikufuna mawati-awa 1,000, ndipo pa batire la mavoti 12 amenewo ndi maampu-awa pafupifupi 83, kenako n'kuwirikiza kawiri ngati batirelo ndi la mtovu limene siliyenera kutsika kupitirira theka. Mayiwo ankafunanso linki yakuti "batire labwino kwambiri la sola" m'nkhani ina, koma ndinakana. Tsambalo silisankhira munthu batire, limangomuphunzitsa kuwerengera, ndipo mawu amenewo akanayambitsanso mkangano uja ndi tsamba logulitsira.

Malinki osochera aja tinawabweza. Paliponse pamene mawu akuti "kukula kwa batire" ali linki, tsopano akupita ku tsamba lophunzitsa, ndipo tsamba logulitsira tinalipatsa mawu akeake, "mabatire amene tikugulitsa" ndi ena otero. Ndinawasiyira tebulo la magawo atatu, adiresi ya tsamba, mutu wake, ndi mawu amene ndi a tsamba limenelo lokha, kuti wolemba nkhani yatsopano aziyamba wayang'anamo.

Malinki 22 a "Werengani zambiri" sanali olembedwa ndi munthu. Ankachokera m'chikombole cha webusaitiyo, chimene chimapanga kabokosi ka nkhani iliyonse: chithunzi, mutu wosadinika, ndi batani m'munsi. Lachinayi ndinakambirana ndi mkulu amene anamanga webusaitiyo, ndipo tinagwirizana kuti mutu wa m'kabokosi ukhale linki, batani likhalebe kwa amene analizolowera. Kusintha kwa mizere yochepa m'fayilo imodzi kunakonza mabokosi a webusaiti yonse. Zithunzi zinayi zija tinazilembera `alt`, popeza chithunzi chikakhala linki Google imatenga mawu a mu `alt` ngati mawu a pa linkiyo:

```html
<a href="/kukula-kwa-batire"><img src="tebulo.png" alt="Tebulo lowerengera kukula kwa batire la sola"></a>
```

Mkuluyo poyamba ankaona ngati zonsezi ndi zongosangalatsa Google. Ndinatsegula NVDA, pulogalamu yowerengera anthu osaona zimene zili pa kompyuta, n'kudina `Insert+F7`, imene imaonetsa malinki onse a pa tsamba pa mndandanda umodzi. Patsamba loyamba panatuluka "Werengani zambiri" mondondozana mpaka pansi. Anangoti, "Aaa, ndiye munthu angasankhe chiyani pamenepa?" Malamulo a WCAG, othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito mawebusaiti, ali ndi mfundo yake pa zimenezi, nambala 2.4.4, yakuti cholinga cha linki chizidziwika kuchokera ku mawu ake kapena ku chiganizo chimene ilimo.

Menyu ndi imene inavuta. Malo ake ndi ochepa, makamaka pa foni, ndipo abwana a kampaniyo sankafuna mawu aatali. Ine ndinaumirira pa mfundo imodzi, yakuti "Mabatire" ndi dzina la katundu ndipo liyenera kupita ku tsamba logulitsira, kumene aliyense wodina mawuwo akuyembekezera kufika. Tsamba lophunzitsa tinalisamutsira pansi pa "Malangizo" ndi mawu atatu akuti "Kukula kwa batire".

Lachisanu ndinayendetsanso Screaming Frog kuti ndione ngati palibe linki yothyoka kapena yopita kolakwika, kenako ndinaika adiresi ya tsambalo mu `URL Inspection` ya Search Console n'kudina `Request indexing`, kupempha Google kuti ilionenso. Abwana aja anaimba madzulo kufunsa chifukwa chake Google ikuonetsabe "Mabatire". Ndinawafotokozera kuti kupempha kuja ndi kwa tsamba limodzi, pomwe mawu atsopano a pa malinki ali m'masamba ena ambiri amene Google iyenera kuwayendera pa nthawi yake, ena m'masiku ochepa, ena patatha masabata. Ndinawauzanso kuti ngakhale ikatero, palibe batani lokakamiza Google kuonetsa mutu umene ife tikufuna. Ndinalemba deti la zosinthazo, ndipo pakatha mwezi ndidzayang'ana zinthu ziwiri: mutu umene ukutuluka, ndiponso ngati pa mawu akuti "kukula kwa batire la sola" pansi pa `Pages` patsala tsamba limodzi.