Mpweya woseketsa ukulumalitsa anthu

Abale anga, mpweya uja ena amaukoka m'mabaluni, wa naitirasi okusaidi, ukundidetsa nkhawa kwambiri. Madokotala amaupereka mosamala, wosakaniza ndi okosijeni, kuti achepetse ululu. Choopsa ndi kuukoka pafupipafupi.

Mu vitamini B12 muli kachitsulo kotchedwa kobati. Mpweyawu ukalowa m'thupi umasokoneza kachitsuloka, vitaminiyo n'kusiya kugwira ntchito. Zikatero thupi limalephera kukonza chikuto cha mitsempha yotumiza mauthenga, makamaka ya mumsana, ndipo imatsala ngati waya wamagetsi wosupuka.

Zimayamba ndi dzanzi komanso kubayabaya ku zala za kumapazi ndi kumanja. Kenako munthu amadzandira poyenda, makamaka mumdima, mabatani a malaya n'kumamukanika kumanga. Ena amafika polephereratu kuyenda.

Chimandiwawa n'chakuti poyeza magazi, B12 imatha kuoneka yokwanira, chonsecho ndi yakufa. N'chifukwa chake madokotala amayezanso homosisitini, chinthu china cha m'magazi chimene chimachuluka vitaminiyo ikaleka ntchito. Ndiye musabise, auzeni kuti mumakoka mpweyawu. Kumwa mapiritsi a B12 uku mukukokabe sikuteteza. Chofunika ndi kusiyiratu n'kuyamba jakisoni wa B12 msanga, chifukwa mukachedwa dzanzilo limatha kukhala mpaka kalekale.