Sabata yachisanu ndi chimodzi: kiyi ya mitengo ya ku Nchalo

Kapulogalamu kanga koonetsa mitengo ya chimanga, nyemba ndi mbuzi m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula kanagwa Lachitatu usiku, ndipo ndine ndinakagwetsa pokayesa.

Tsamba la Nchalo ndi lolemera. Kuti detabesi ya PostgreSQL iwerengetse mitengo ya miyezi yonse, pamapita masekondi 4, choncho yankho ndimalisunga mu kashe ya Redis, mosungira mayankho okonzeka kale, pa kiyi `mitengo:nchalo` kwa masekondi 300. Ndinkafuna kuona zomwe zingachitike linki ikaponyedwa pa gulu la WhatsApp, ndiye ndinayesa ngati anthu 150 akutsegula pamodzi:

```
ab -n 20000 -c 150 http://localhost:8000/nchalo
```

Zinkayenda bwinobwino mpaka nthawi ya kiyi itatha. Onse 150 anapeza kashe ilibe kanthu, aliyense nkuthamangira ku detabesi ndi funso lomwelo, ngati ng'ombe zaludzu zikaona Shire. PostgreSQL imabwera ndi `max_connections` ya 100, malire a olumikizana nayo nthawi imodzi, ndiye otsalawo analandira `sorry, too many clients already`. Olowawo nawo ankalimbirana makina amodzi, masekondi 4 aja nkutalika, kashe ili yopanda kanthu nthawi yonseyo. Mu `pg_stat_activity`, momwe mumaoneka mafunso amene akuyenda, munali funso limodzi lobwerezedwa mzere ndi mzere mpaka pansi.

Poyamba ndinaganiza zosiyanitsa pang'ono nthawi zothera makiyi. Zimenezo zimathandiza makiyi ambiri akamathera limodzi, koma vuto langa ndi kiyi imodzi yokondedwa ndi onse.

Chomwe chagwira ntchito ndi loko. Wopeza kuti mitengo yakalamba amayamba wapempha chilolezo:

```
SET loko:nchalo a7f3 NX EX 15
```

`NX` imatanthauza kuti mmodzi yekha ndiye amapambana, ndipo ndi yekhayo amene amapita ku detabesi; `EX 15` imatanthauza kuti loko itha pakapita masekondi 15. Apa ndinalakwitsa: ndinayamba ndi `EX 3`, loko nkutha funso lisanamalize, wachiwiri nkulowa. Loko iyenera kukhalitsa kuposa funso, komabe izitha yokha kuti woitengayo akafera panjira ena asatsekeredwe mpaka kalekale. Nambala `a7f3` ndi chizindikiro cha mwini loko, kuti pomaliza asafufute ya mnzake.

Nanga 149 enawo? Sindikufuna munthu amene akuwerengera bandulo yake pa Dyeratu azingoyang'ana foni. Tsopano kiyi imakhala ola lathunthu mu Redis, koma mkati mwake ndimalembamo nthawi yomwe mitengo inawerengedwa. Masekondi 300 akadutsa, mwini loko amawerengetsanso, enawo amapatsidwa mitengo yakaleyo pompopompo. Mtengo wa mbuzi susintha m'masekondi 4. Nditayesanso, detabesi inalandira funso limodzi lokha.

Chatsala ndi magetsi akazima, Redis nkudzuka yopanda kanthu. Pamenepo palibe chakale chopereka, ndiye osowa loko ayenera kudikira pang'ono nkuyang'ananso mu kashe. Ndilemba zimenezo Loweruka m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha laputopu.