Momwe ndimalembera chidule cha zokambirana za malonda a mbatatesi

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke, ku Dedza. Wogula akabwera kudzanenerera, timamupempha kaye kuti tijambule mawu pa foni, kenako ntchito yanga ndi kusandutsa zokambiranazo kukhala pepala limodzi loti mamembala amve komanso wogulayo asadzakane.

Ulendo woyamba ndimangomvetsera, cholembera chili pansi. Ukayamba kulemba msanga umatola mtengo umene munthu adzausiya yekha patsogolo. Ulendo wachiwiri ndiye ndimajambula mzere pakati pa pepala, kumanzere kalabu, kumanja wogula. Aliyense akatchula mtengo, chiwerengero cha matumba kapena tsiku, ndimaimitsa foni n'kulemba mawuwo pamodzi ndi mphindi imene awanenera, kuti wotsutsa adzadzimvere yekha.

Nazi zokambirana zina za mphindi 47, za matumba 80, ndi bambo wina amene amagulitsa mbatatesi kwa okazinga tchipisi ku Lilongwe. A tcheya anayambira pa K70,000 pa thumba, wogula anati K50,000. Manambala amenewa ndimawalemba, koma ndi moni chabe. Pa mphindi 12 a tcheya anatsika kufika pa K65,000 osapempha kanthu, ndipo uku ndi kulolera kwenikweni. Wogula naye analolera chimodzi chaulere: anati matumba abweretsa ake.

Povuta panali pa mphindi 31. Wogula anati, "A tcheya, ndifika pa sikisite, koma katundu ndimupeze pa tala. Lole yanga singatsike kudimba kuja." A tcheya anayankha kuti, "Tamva, abwana," n'kuyamba za kasankhidwe. Munthu wothamanga angalembe kuti agwirizana pa K60,000. Ayi ndithu. A tcheya sanavomere, anangodutsa. Komanso K60,000 imeneyo ili ndi mchira: ngolo yochoka kudimba kukafika pamsewu wa M1 tinaiwerengera K1,500 pa thumba, ndiye m'thumba mwa mlimi mulowa K58,500. N'chifukwa chake mtengo uliwonse ndimaulemba mzere umodzi ndi "ngati" wake. Ukawalekanitsa, mamembala amagwira nambala yokha, za ngolo n'kudzazimva tsiku lokweza.

Za kasankhidwe anamvanadi, ndipo zimadziwika chifukwa onse awiri anabwereza mawu omwewo. Kalabu ichotsa mbatatesi zing'onozing'ono, zobiriwira ndi zotemeka ndi khasu. Wogula anasiya zofuna matumba osokerera pamwamba, aja otalika ngati munthu, n'kuvomera matumba otseka pakamwa. Kwa ine apa ndi pamene kalabu inapindula kwambiri, ngakhale anthu maso amangokhala pa mtengo. Komatu maganizo angawo sindiwaika m'chidule.

Mawu omaliza a munthu si nambala yomaliza kumveka mu foni. Pa mphindi 44 membala wina anakuwa chakumbuyo kuti, "Sikisite-wani tingotseka!" Iyeyo sanatumidwe kulankhulira kalabu, ndipo a tcheya sanamuvomereze, ndiye sindinailembe ngati ya kalabu. Ndimafufuza chimene wotumidwayo ananena komaliza osachibwezanso. A tcheya anaima pa mphindi 40, wogula pa mphindi 42. Pepala linatuluka motere:

Kalabu yaima pa K62,000 pa thumba, ngati ndalama zonse ziperekedwa tsiku lokweza ndipo katundu atengedwa kudimba. Yalolera kutsika kuchoka pa K70,000 ndi kusankha mbatatesi isanalonge. Wogula waima pa K60,000, ngati kalabu ifikitsa katundu pamsewu, theka la ndalama (K2,400,000) tsiku lokweza, theka lina pakatha masiku 7. Walolera kukwera kuchoka pa K50,000, kubweretsa matumba ake ndi kusiya matumba osokerera. Zogwirizana: matumba 80, kasankhidwe ndi kalongedwe. Zosagwirizana: mtengo, wolipira ngolo ndi kalipiridwe.

Pansi pake ndinawonjezera masamu, chifukwa kusiyana kwa K2,000 kumaoneka kochepa. Pa matumba 80 ndi K160,000, ndipo ukaphatikiza K120,000 ya ngolo, mpata weniweni ndi K280,000.

Pali malo amodzi, cha pa mphindi 36, pamene njinga yamoto inadutsa n'kuphimba mawu a wogula akutchula tsiku lobwera ndi lole. Ndinangolemba kuti "sizikumveka" osati kuganizira, kenako ndinamuimbira kumufunsa. Anati Lachisanu.

Pepalalo ndinawawerengera kaye a tcheya, kenako ndinalijambula n'kulitumiza kwa wogula pa WhatsApp tsiku lomwelo, ndi pempho loti akonze ngati ndamuika mawu m'kamwa. Anayankha kuti masiku 7 aja aziwerengedwa kuyambira tsiku limene katundu wafika ku Lilongwe. Mu foni zimenezo mulibe, ndiye ndinazilemba pazokha pansi pa zosagwirizana, ndi deti limene wazinenera.