Nsanjika imayezedwa pamasitepe

Zandilowa tsopano, ndipo mtima wakhala m'malo. Kuyerekeza kutalika kwa nyumba yosanja powerenga nsanjika zake kunkaoneka ngati kulosera chabe, koma pali mfundo imodzi imene yagwira zonse. Nsanjika imayambira pamene ukuponda iwe n'kukathera pamene akuponda munthu wokhala pamwamba pako. Siithera pasiling'i ayi. Silabu ya konkire ija ili pamutu pako ndi gawo la nsanjika yako, ngakhale suiona ukakhala m'chipinda.

Zochulukitsa chiwerengero cha nsanjika ndi msinkhu wa nsanjika imodzi nonse mukuzidziwa, sindibwerezako. Chovuta ndi nambala yochulukitsirayo. M'nyumba zogonamo, kuchoka pansi kufika pasiling'i nthawi zambiri pamakhala mamita 2,7 kapena 2,8. Ukaonjezapo silabu ya masentimita 15 mpaka 20, matailosi pamwamba pake ndi pulasitala kunsi kwake, umafika pa mamita atatu aja amene aliyense amaloweza osadziwa kumene achokera. Maofesi ndi ena. Pakati pa siling'i ndi silabu pamadutsa mawaya ndi mapaipi a zoziziritsira mpweya, zimene kuno ku Tete palibe angazikane, motero nsanjika imodzi imatha kukwana mamita 3,5 mpaka 4. Pansi penipeni pamene pamakhala masitolo kapena banki pamatalikanso kuposa pena ponse, kawirikawiri mamita anayi kapena kupitirirako.

Masentimita 30 amaoneka ochepa, koma amabwera pansanjika iliyonse. Ukatenga 2,7 m'malo mwa 3 panyumba ya nsanjika zisanu ndi zitatu, wataya mamita 2,4, pafupifupi nsanjika yathunthu, ndipo papepala masamu ako aoneka oyera bwinobwino.

Chimene chandimasula ndi masitepe. Masitepe sangathere pasiling'i, amayenera kukufikitsa pamwamba pa silabu yotsatira, choncho amayeza ndendende chinthu chimene tikufunacho. Werenga masitepe ochoka pansanjika ina kufika pa inzake, yeza msinkhu wa sitepe imodzi, chulukitsa, basi. Kwa ine njira imeneyi ikuposa zina zonse, ndipo sindikuona chifukwa chophunzitsira manambala oloweza pamene nyumba iliyonse ili ndi rula yakeyake yomangidwa ndi konkire.

Tatengani nyumba ngati zimene timaziona m'kati mwa mzinda wa Tete, pansi masitolo, pamwamba mogona. Pa mapulani alembapo R/C + 6, kutanthauza gawo la pansi kuphatikiza nsanjika zisanu ndi imodzi pamwamba pake. Anthu amangoti ili ndi nsanjika zisanu ndi imodzi, koma kuno pansi sipawerengedwa, nambala 1 imayambira pamwamba pa masitolo. Ndiye kuti magawo alipo asanu ndi awiri. Wothamanga atenga 6 kuchulukitsa ndi 3 n'kupeza mamita 18. Wochenjerako pang'ono atenga 7 n'kupeza 21.

Tsono tilowe pamasitepe. Tinene kuti sitepe iliyonse ikukwera masentimita 17, msinkhu umene umapezeka kwambiri. Kuchoka pansi kufika pansanjika yoyamba tawerenga masitepe 25, amene ndi masentimita 425. Pakati pa nsanjika zapamwamba tapeza masitepe 18, amene ndi 306. Zimenezi zilipo kasanu ndi kamodzi, chifukwa nsanjika yomaliza nayonso ili ndi msinkhu wake mpaka pa silabu ya denga, ndiye 6 kuchulukitsa ndi 306 ndi 1836. Kuphatikiza ndi 425 uja tafika pa 2261. Pakhomo pali masitepe atatu okwera kuchoka pamsewu, pafupifupi theka la mita, ndipo pamwamba pali kampanda kozungulira denga ka mita imodzi. Zonse pamodzi ndi mamita 24. Munthu wa 18 uja waperewera ndi mamita asanu ndi limodzi, nsanjika ziwiri zathunthu. Ndipo sitinakhudze kachipinda kamene kamavundikira masitepe padenga, kapena thanki ya madzi, zimene zimatha kufikitsa nyumbayo cha m'ma 26.

Powerenga pamafunika kusamala pawiri. Timawerenga kukwera kwa phazi, osati popondapo. Mzere wa masitepe okwera kasanu ndi kanayi uli ndi popondapo pasanu ndi patatu, ndipo pachisanu ndi chinayi ndi pabwalo lopumirapo lija pamene masitepe amakhotera. Kachiwiri, sitepe imodzi siyokwanira kuyeza. Amisiri akamaika matailosi, sitepe yoyamba ndi yomaliza zimakonda kusiyana ndi zinzake, ndiye ndi bwino kuyeza zingapo zapakati n'kupeza msinkhu wapakatikati. M'chitsanzo chathuchi masitepe a m'kati onse alipo 133. Kulakwitsa sentimita imodzi pa sitepe ndi kusuntha yankho ndi mamita 1,33. N'chifukwa chake yankho loona mtima ndi "mamita 24, kuonjeza kapena kuchotsa imodzi", osati 24,11 ngati kuti tinakwera ndi tepi.

Ndikudziwa ena muti nanga mlonda akakana kuti ulowe. Zoona, amakana, makamaka ukatulutsa tepi. Zikatero umaima patsidya pa msewu n'kuwerenga mizere ya mawindo kapena makhonde. Osawerengera mawindo a pamasitepe, chifukwa nthawi zambiri amakhala pa bwalo lopumirapo, pakatikati pa nsanjika ziwiri, ndipo amasokoneza maso. Chitseko wamba chimakhala cha mamita awiri kapena 2,1, ndiye ukaona kuti pansi pangalowe zitseko ziwiri zosanjikiza, wadziwa kuti pali mamita anayi ndi kanthu. Nyumba zimene zikumangidwa cha ku Matundo ndi Chingodzi n'zosavuta, popeza mabuloko ali poyera. Mzere uliwonse ndi masentimita 20 ndi pang'ono ukaphatikiza simenti yolumikizira, ndipo mphepete mwa silabu mukuonekeratu. Komabe zonsezi kwa ine ndi zogwirizira. Masitepe ndiwo eni ake.

Chimandinyansa n'chakuti m'kalasi zonsezi zinadutsa ngati mphepo. Aphunzitsi analemba mamita atatu pabolodi, n'kupereka chitsanzo cha nyumba ya nsanjika khumi, yankho 30, kenako tinalowa mutu wina chifukwa mayeso ayandikira. Sukulu yathuyo ili ndi masitepe akeake, panja pa chitseko pomwepo. Kutituluka nafe ndi tepi kukanatenga mphindi zochepa. Sindikuti sadziwa, amadziwa ndithu, koma silabasi ikuwathamangitsa, ndipo ife tikuthamangira limodzi nawo, ena tikuwerengeranso za basi ya ku Ulongwe Lachisanu.

Pamene njira yowerenga nsanjikayi imagonja ndi pansonga. Burj Khalifa ya ku Dubai, imene inatsegulidwa mu 2010, ndi yaitali mamita 828 ndipo ili ndi nsanjika 163. Ukachulukitsa 163 ndi 3 upeza 489 yokha. Nsanjika zake n'zazitali kuposa mamita atatu, ndipo pamwamba pali nsonga yaitali yopanda nsanjika zoti n'kuwerenga. Ife tilibe zoterozo, koma thanki ndi kachipinda ka padenga zimabweretsa funso lomwelo, loti nyumba imathera pati.

Ndipo imayambira pati? Mzinda wathu umatsetserekera ku Zambezi, moti nyumba imodzi ikhoza kuonetsa magawo asanu ndi awiri kumsewu wakumtunda, koma asanu ndi atatu kumbali yoyang'ana kumtsinje, kumene chipinda chapansi chatulukira poyera. Masitepe angakupatse msinkhu wa gawo lililonse, koma sakuuza poyambira kuwerenga. Pakadali pano ndikuyambira pakhomo lalikulu n'kulemba pambali kuti ndayambira pamenepo. Mayeso akabwera ndi nyumba ya potsetsereka, ndipereka mayankho awiri, kaya aphunzitsi akachonga yankho liti.