Anatitsekera pakati pa makatoni a sopo ku Luchenza

Abwana atandiuza kuti andisamutsira ku Lilongwe, anandipatsa sabata imodzi yoti ndimusiyire Madalitso makasitomala anga a msewu wa ku Mulanje. Kampani yathu imapikulitsa mafuta ophikira, sopo ndi mabisiketi, ndipo dera langa linkayambira pa Bvumbwe, kudutsa Thyolo ndi Luchenza mpaka pa Chitakale. Madalitso anali atangochoka kumene ku koleji, nsapato zosongoka, ulemu wochita kutopetsa.

Wagolosale alibe nazo ntchito zoti nkhope yasintha. Chimene chimamusowetsa tulo ndi ngongole. Amafuna adziwe ngati watsopanoyo apitirize kumupatsa katundu wolipira pakatha masiku 14, ngati lole izibwerabe tsiku lomwe lija, komanso kuti ndalama azipereka kwa ndani. Lomalizali ndiye lalikulu, poti masiku ano palibe amene sanalandireko kauthenga kaja koti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Ndiye ine ndinkayamba ndaimba foni dzulo lake. Tikafika ndinkalowa ine patsogolo, n'kumutchula mnyamatayo dzina, n'kunena ndi pakamwa panga kuti akaunti ya kubanki sinasinthe. Kenako tinkatsegula mabuku onse awiri, lathu ndi la mwini shopu, n'kugwirizana pa ngongole yotsala, tonse atatu n'kusaina. Oda yoyamba ankalemba ndi Madalitso, ine nditakhala pa kreti chete, kuti kasitomala azolowere kuyang'ana iye.

Pa Bvumbwe ndi pa Thyolo zinayenda bwino moti Lachitatu m'mawa ndinamupatsiratu Madalitso foni ya kampani, buku la ngongole ndi malaya a chizindikiro chathu. Ndinatsala ndi tisheti ya Bullets, mtima uli kale ku Lilongwe.

Shopu yathu yaikulu pa Luchenza inali ya bambo a Thoko. Ndinkawayendera Lachinayi lililonse, tsiku limene mayi a Thoko amakhala ali ku Mvano, choncho mayiwo tinkangodziwana mawu pafoni akamafunsa za marisiti. Buku amasunga ndi iwowo. Bambo ntchito yawo ndi kucheza ndi kugwedeza mutu. Ndinawaimbira bambowo Lachiwiri madzulo, iwo n'kuti bwerani palibe vuto, koma usiku womwewo kunagwa maliro ku Phalombe, ananyamuka osasiya mawu.

Titangoima pa Luchenza, chipisi cha pa Thyolo chija chinayamba kufunsa njira. Ndinamuuza Madalitso kuti andidikire m'galimoto, ine n'kuthamangira kuseri kwa msika. Koma mwana wa koleji safuna kuoneka waulesi. Pobwera ndinapeza m'galimoto mulibe munthu, pakhomo pa shopu padzaza anthu a kabaza.

Zimene zinachitika nazi. Madalitso analowa, anapereka moni, n'kutsegula buku pamaso pa ogula, ndi kuwerenga mokweza kuti shopuyo ili ndi ngongole ya K450,000. Ngongole ya munthu siwerengedwa pa kauntala anthu akugula mchere, koma zimenezo n'zazing'ono. Vuto linali nambalayo. Oda yomaliza inali ya K1,250,000 ndipo anali atalipira K800,000. M'katunduyo munali makatoni awiri a mafuta odontha, a K90,000, amene ndinawabwezera kudepoti n'kulonjeza pakamwa kuti tichotsera. Ku ofesi pepala lochotsera linali lisanatuluke. Buku la mayi linkati K360,000, lathu K450,000, onse olondola. Malonjezo a pakamwa otere ndi amene amaphulika posinthana ntchito, chifukwa amakhala m'mutu mwa amene akuchokayo basi.

Ndiye mayi ataona mlendo akufuna ndalama yoposa imene akuidziwa, anamwetulira n'kuti, "Lowani kuno achimwene, muone katundu watsala." Atangolowa mosungira katundu, loko phwa.

Ndinadutsa pagulu paja ndi mtima wa mpulumutsi. "Mayi, pepani, ndine Phiri wa mafuta. Mnyamatayo ndi wathu."

Anandiyang'ana kuyambira kutisheti mpaka kumapazi. "A Phiri ndimawadziwa mawu. Ndi munthu wamkulu, wonenepa."

"Ndine ndemwe mayi, kungoti pafoni ndimamveka wonenepa."

"Chabwino. Tiwaimbire."

Anatulutsa foni m'chitenje, n'kuimba nambala imene akhala akuimba zaka zonsezi. Anthu onse zii. Kenako kanyimbo kanayamba kulira kuseri kwa chitseko chokhoma chija, m'thumba mwa Madalitso.

"Mayo ine! Awaberanso foni a Phiri!"

Sindikumbuka kuti ndani anandigwira lamba. Ndinangoona ndili m'kati, chitseko chikutsekedwa, Madalitso atakhala pa katoni ya sopo buku lili pamiyendo. Anaimirira, n'kundipatsa moni mwaulemu wake uja, ngati takumana pa ukwati.

Panja nkhani inali ikukula yokha. Wina anati ndife aja tinabera wagolosale wa ku Thyolo, wina anati a Phiri enieniwo tawataya m'munda wa tiyi. Anatuma mwana kukaitana apolisi a m'mudzi. Foni ya bambo a Thoko inali yozima, poti kumaliro. Ndinaimbira abwana ku Limbe kuti alankhule ndi mayiwo kudzera pa mpata wa chitseko, koma mayi anakana, amvekere, "Akuba amayenda atatu, wachitatu amakhala pafoni." Kunena zoona, pamenepo sanalakwe. M'mimba munali mutapepuka, njala inabwera, ndipo pafupi nane panali katoni ya mabisiketi yotsegula kale.

Anatipulumutsa ndi mnyamata waganyu amene amatsitsa katundu Lachinayi. Anasuzumira pa kawindo n'kuseka. "Aaa, awa ndi a Phiri ndithu. Ndi aja amakutsitsitsa makatoni 40 n'kukupatsa yogulira mandasi awiri." Anthu angapo a kabaza anavomereza kuti mbiri imeneyo anaimvapo. Loko inatsegulidwa.

Mayi a Thoko sanapepese. Anatikhazika kuseri kwa kauntala, n'kubweretsa kope lawo lokutidwa ndi pepala la kalendala, tinayamba mzere ndi mzere. Titafika pa mafuta aja ndinalemba m'mabuku onse awiri kuti K90,000 ichotsedwe, tsiku limene katunduyo anabwerera, ndi nambala ya invoisi yake. Ndinasaina, Madalitso anasaina, mayi anasaina. Anamuuza Madalitso awerenge akaunti ya kubanki mokweza iwo akulondola ndi chala pa silipi yakale. Kenako anamufotokozera zimene ine sindinkazidziwa n'komwe: kuti oda imene bambo ankandipatsa Lachinayi ankailemba ndi iwo Lachitatu usiku, ndipo kuti sopo wamtanda ankatha msanga kumapeto a mwezi, anthu a m'maesiteti akalandira, koma ine sindinafunsepo.

Madalitso analemba oda yake yoyamba pa Luchenza, yoposa zanga zonse za chaka chimenecho. Mayi anati azibwera Lachitatu. Tikutsazika, anang'amba kapepala n'kundipatsa ine.

"Ichi n'chiyani mayi?"

"Mapaketi atatu a mabisiketi. Mtengo wogulitsira, osati wopikulira."

Ndinati alembe pa ngongole, ndidzalipira ndikadzadutsa. Anatembenukira kwa Madalitso. "Achimwene, inu ndinu selezimani wathu. Munthu wosamukira ku Lilongwe mungamukongoze?"

Mwana uja anatsegula buku, n'kuliyang'ana kanthawi, n'kuti ayi.