Mukagula bondi lero, chiwongoladzanja chikakwera mawa, mwataya?

Anzanga a kuno ku Blantyre omwe mwayamba kugula mabondi a boma, tamvani izi musanaike ndalama zonse.

Bondi ndi ngongole yomwe inu mwabwereketsa boma. Tiyerekeze mwagula ya K1,000,000, ya zaka ziwiri, yolipira 20 peresenti pa chaka. Boma likupatsani K200,000 chaka chilichonse, ndipo pamapeto likubwezerani miliyoni yanu. Pangano limeneli silisintha, zivute zitani.

Tsono Reserve Bank ikakweza chiwongoladzanja, mabondi atsopano nkuyamba kulipira 25 peresenti, yanu ija imakhalabe pa K200,000. Mukafuna kuigulitsa, ndani angakupatseni miliyoni yathunthu pomwe ndalama yomweyo ingamubweretsere K250,000 pa bondi yatsopano? Palibe. Wogula amatsitsa mtengo mpaka phindu lake lifanane ndi 25 peresenti ija. Pa chitsanzo chathuchi, akupatsani K928,000 basi. Kodi K72,000 yapita kuti? Ndi kusiyana kwa K50,000 pa chaka kwa zaka ziwirizo, kowerengedwa pa mtengo wa lero.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mabondi a zaka khumi. Kumeneko kusiyanaku kumabwera kakhumi, ndiye mtengo umagwa kwambiri, mpaka cha m'ma K821,000.

Mukapirira mpaka tsiku lake, miliyoni yanu ibwera yonse ngati boma lasunga pangano, kungoti kukwera mitengo kwa zinthu kudzakhala kutaidya mphamvu. Ndiye ndalama ya fizi ya Januwale kapena ya lendi musaitsekere mu bondi yaitali ayi.