K890 idatidyera tsiku, koma yolakwika inali K270

Tagawana dzulo masheya a banki m'khonde yathu kuno ku Bangula, mtima wakhala pansi tsopano koma ndikadali wokwiya ndi Lachiwiri lija ndidapita ku Nsanje boma chifukwa cha K890 yopelewera. Tilipo anthu 25, ine ndine mlembi. Titawerenga ndalama zonse pa mphasa zidakwana K4,318,750, masheya onse 1,846. Ndidagawa pa kakyuleta ya foni, idabwera 2,339.5178 ndi manambala ena kutsogoloko, wapampando akuti ah alembi matambala ndani amawaona masiku ano, ingolembani K2,340. Ndidalemba. Nditachulukitsa za aliyense n'kuwonkhetsa, zofunika kupereka zidakwana K4,319,640, kutanthauza kuti bokosi likupelewera ndi K890. Maso onse kwa msungichuma, mayi wachikulire woti makiyi a bokosi sasunga n'komwe.

Ndiye gulu lidanditumiza ku Nsanje boma kukaonana ndi alangizi athu. Minibasi kudzadza mpaka cha m'ma 9, dzuwa la Novembala lija loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo, ndikufika ku ofesi akuti bwana apita ku fildi dikirani. Ndidakhala pa benchi mpaka 3 koloko. Atabwera sadatsegule n'komwe kope, akuti "mayi, chilichonse chosafika K1,000 muzingochisiya, ndi ma rounding amenewo." Basi. Thiransipoti ndi chakudya zidapitirira K890 yomwe ndimafufuzayo kangapo konse, yankho lake limenelo.

Ndipo yankholo ndi lolakwika, ndidazindikira usiku nditakhala ndi kope. Malire a kusiyana koti mungakusiye satengedwa m'mutu, amawerengedwa. Ukasendeza nambala kuti ikhale kwacha yathunthu, sungaphonye kupitirira 50 tambala. Ndiye funso ndi lakuti wasendeza pati, ndipo kusendezako kwabwerezedwa kangati. Ife tidasendeza mtengo wa sheya imodzi, tidawonjezera pafupifupi 48 tambala, kenako 48 tambalayo idachulukitsidwa ka 1,846. Ndiyo K890 ija, palibe adaba. Njira imeneyi ikhoza kuphonya mpaka K923, theka la 1,846.

Konzani chonchi: mtengo wa sheya musaukhudze, usiyeni ndi mchira wake wonse, muzisendeza pa ndalama ya munthu kumapeto. Ine ndidagwiritsa Excel ya pa foni, mtengo wosasendeza mu F1, masheya a munthu mu B:

```
=ROUND(B2*$F$1,0)
```

Mwachitsanzo wa masheya 80 adapeza K187,161, pomwe poyamba tidamulembera K187,200. Apa tasendeza ka 25 kokha, ndiye malire ndi 25 kuchulukitsa 50 tambala, K12.50. Totalo yathu idasiyana ndi bokosi ndi K3, ndidaisiya. Ikadakhala K40 sindikadaisiya, ngakhale K40 sigula kanthu. Chenjerani, kungobisa madesimo mu Excel si kusendeza, nambala imaoneka yathunthu koma mkati mchira ulipobe, mukawonkhetsa pamanja zomwe mukuona sizigwirizana ndi totalo yake.

Ndaiwala kunena, tsiku loyamba lomwe lija panali kusiyana kwina. Kope linkati m'bokosi mukhale K4,318,480, ndalama zenizeni zidaposa ndi K270. Poti zidaposa aliyense adangoseka, ndipo pa lamulo la alangizi aja la K1,000 ikadadutsa bwinobwino. Koma m'kope la zolowa mulibe kugawa, mulibe peresenti yosiya matambala, ndi kuwonkhetsa ndalama zathunthu zomwe anthu adaponya. Posasendeza paliponse malire ndi ziro. Werengani mwasendeza kangati, mukapeza kuti simudasendeze, ngakhale K20 ndi vuto.

Chidandithandiza ndi chakuti 270 imagawika ndi 9 popanda chotsala, ndipo nambala ziwiri zikasinthana malo kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Si umboni ayi, kumangokuuza poyambira. Ndidatenga mabuku a mamembala kufananiza ndi kope langa mzere ndi mzere, pa tochi, udzudzu ukundimaliza. Mwezi wa Ogasiti, mayi wina wogulitsa nsomba adabweza K2,520, m'buku mwake zili bwino, ine mwini ndidalemba K2,250. Timafuna kumudula K270 pa masheya ake ngati ngongole yotsala, ndalama yoti adapereka kale. Manyazi adandigwira, ndidakapepesa m'mawa asadanyamuke kupita ku msika.

Popereka ndalama m'manja tidagwirizana kutsitsa ya aliyense kufika pa K50 yapafupi poti chenji chimavuta. Aliyense akutaya yosafika K50, ndiye zotsala m'bokosi siziyenera kufika K1,250. Zidatsala K650, tidaziwerenga pamaso pa onse n'kuziponya m'thumba la zadzidzidzi, ndipo ndidalemba m'kope ndi mzere wakewake. Ya thiransipoti ya ku Nsanje sadandibwezerebe, akuti tikambirana pa msonkhano woyamba wa Januwale.